Kwatsala masabata atatu kuti ndilembe masamu a magalafu, ndiyambire pati?

Nachisale_21
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili m'chaka chomaliza, ndipo mayeso a masamu a magalafu ndilemba Lolemba lachitatu kuchokera lero, ndiye kuti kwatsala masiku 21. Pepala lake ndi la maola atatu, mafunso amakhala 6 ife nkusankhapo 4, lililonse la malikisi 25. Mitu yake ndi madigiri ndi kufanana kwa magalafu, mitengo, za Euler ndi Hamilton, Dijkstra, Kruskal ndi Prim, magalafu ojambulika popanda mizere kupingasana, kupaka mitundu, thiyoremu ya Hall, ndi zamafulo, zija za kuyenda kwa madzi m'mapaipi. Ndili ndi manotsi onse komanso mapepala akale 5. Pali makosi ena awiri omwe akundidikira, choncho ndingapeze maola atatu okha pa tsiku. Vuto langa ndi ili: ndikamawerenga zonse zimamveka bwinobwino, koma ndikangotseka kope pulufu imathawa yonse.

KambaWaMdambo
Zosavuta izi chemwali. Gulani pepala la tizibokosi, rula ndi pensulo yosongoka. Mukadziwa `y = mx + c` ndi pomwe mzere wadula mzere wa x, mwatha basi.

Chipsera
Amwene mwasochera mudzi. Akunena magalafu a madontho ndi mizere yolumikiza madonthowo, osati a ku Fomu 3 aja.

KambaWaMdambo
Pepani, ndakhala pansi.

ChokoChoyera
Achemwali, kumveka kwa manotsi kuja ndi chinyengo. Maso akuzindikira zomwe adaziwonapo, koma mayeso safunsa kuzindikira, amafunsa kutulutsa pa pepala lopanda kanthu. Ndiye dongosolo lonse limangidwe pa kulemba, kuwerenga kungokhala ndiwo.

Chotsani Malamulungu atatu kuti mupume ndi kuona makosi ena aja. Mwatsala ndi masiku 18, maola 54. Lero lomwe tengani pepala lakale kwambiri mwa asanuwo, khalani nalo maola atatu osatsegula kope. Mulephera zambiri, palibe kanthu. Chomwe tikufuna ndi kudziwa ngati mukugwera pa matanthauzo, pa mapulufu, kapena pa kuyendetsa maaligorizimu ndi dzanja, chifukwa matenda atatuwa mankhwala ake ndi osiyana.

Sabata yoyamba: Lachiwiri madigiri, Lachitatu kufanana kwa magalafu ndi kulumikizana, Lachinayi ndi Lachisanu mitengo, Loweruka Euler ndi Hamilton. Mitengo ndaipatsa masiku awiri dala, chifukwa Kruskal, Prim ngakhalenso pulufu ya fomula ya Euler zonse zimatsamira pamenepo. Sabata yachiwiri: Lolemba Dijkstra, Lachiwiri Kruskal ndi Prim, Lachitatu ndi Lachinayi zosapingasana zija, Lachisanu kupaka mitundu, Loweruka Hall. Sabata yachitatu simuphunziranso chatsopano. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu mulemba pepala lathunthu ndi wotchi patsogolo, Lachiwiri ndi Lachinayi mukonza zomwe mwaphonya dzulo lake. Pepala lachisanu lotsalalo muziduladula, kutengamo funso la mutu womwe muli nawo tsikulo.

Maola atatu a tsiku agaweni motere: mphindi 20 zoyamba kulemba pamtima pulufu ya dzulo ndi ya masiku atatu apitawo, mphindi 40 kuwerenga mutu watsopano, mphindi 100 mafunso, mphindi 20 zomaliza kulemba m'kakope kapadera chilichonse chomwe mwalakwitsa ndi chifukwa chake.

Mlamba_77
Sindikugwirizana nazo zowotcha pepala lathunthu tsiku loyamba. Ali ndi mapepala asanu okha. Munthu woti sanabwereze kanthu apeza mwina malikisi 20, nkugwa ulesi sabata yonse. Kuli bwino angowerenga mafunso onsewo, alembe tebulo losonyeza mutu uti wabwera kangati, pepala alisunge.

ChokoChoyera
Tebulo limenelo lichitike ndithu, ndi la theka la ola. Koma likuuza zomwe ofunsa amakonda, silikuuza pomwe iweyo uli wofooka. Pajatu adanena okha kuti akamawerenga zimamveka. Munthu wotero ukamufunsa kuti ukudziwa chiyani anena kuti zonse.

Mlamba_77
Ndiye alembe mafunso awiri okha, ola limodzi ndi theka. Enawo asungidwe.

Nachisale_21
Ndachita za a Mlamba, mafunso awiri. La Kruskal ndakhoza pafupifupi lonse. Linalo linali loti ndisonyeze kuti mtengo, galafu yolumikizana yopanda mkombero, ukakhala wa madontho n uli ndi mizere n − 1. Ndinalemba kuti tiyerekeze ndi zoona pa n, kenako tiwonjezere dontho limodzi ndi mzere umodzi, mizere ikhala n. Mnzanga akuti pulufu imeneyi ndi yobooka koma sakutha kundiuza pomwe yabooka.

AgogoAMasamu
Mnzanuyo ali ndi diso. Ichi ndi cholakwa chomwe chimadya malikisi ambiri kuposa china chilichonse m'kosi imeneyi, ndiye tiyeni tichedwepo.

Inu mwayamba ndi mtengo waung'ono nkumanga waukulu. Mwasonyeza kuti mitengo yomwe mwamanga inuyo ili ndi mizere yokwanira. Koma funso likunena mtengo wina uliwonse wa madontho n + 1, kuphatikizapo womwe munthu wina angakubweretsereni mmanja. Mukudziwa bwanji kuti wakewo udamangidwa m'njira yanuyo? Pa mitengo zimapezeka kuti ndi zoona, koma zoonazo ndi zomwe mumayenera kusonyeza, ndipo mwazidumpha.

Kuti muone kuopsa kwake, yesani kalembedwe komweko pa bodza ili: galafu iliyonse yomwe dontho lililonse lili ndi mzere ngakhale umodzi ndi yolumikizana. Pa madontho awiri ndi zoona. Tiwonjezere dontho, liyenera kukhala ndi mzere, mzerewo ufika pa galafu yakale yomwe ndi yolumikizana kale, ndiye yatsopanoyo ndi yolumikizananso. Zikumveka mokoma. Tsopano jambulani madontho anayi, A alumikizane ndi B, C alumikizane ndi D, basi. Dontho lililonse lili ndi mzere, koma galafu ili m'zidutswa ziwiri. Galafu imeneyi simungaipeze powonjezera dontho limodzi pa yaing'ono yomvera lamulolo, nchifukwa chake pulufu ija sinaione.

Kalembedwe koyenera kamayenda chotsika. Tengani mtengo uliwonse T wa madontho n + 1. Sonyezani kuti uli ndi tsamba, dontho la digiri 1, lomwe lili ndi mzere umodzi wokha. Njira yake ndi iyi: tengani njira yaitali kuposa zonse mu T, muone dontho la kumapeto kwake. Likanakhala ndi mnansi wina kunja kwa njirayo, njirayo ikanatalikitsika, zomwe sizingatheke. Likanakhala ndi mnansi wachiwiri m'njira momwemo, pakanakhala mkombero, ndipo mtengo ulibe mkombero. Ndiye ndi tsamba. Thotholani tsambalo ndi mzere wake. Chotsalacho chikadali cholumikizana, popeza palibe njira ya pakati pa madontho ena yomwe imadutsa pa tsamba, ndipo mkombero sungabadwe pochotsa zinthu. Chotsalacho ndi mtengo wa madontho n, uli ndi mizere n − 1, bwezerani uja mwachotsa, ikhala n.

Lachinayi lanu lija mulembe pulufu imeneyi katatu, nthawi zosiyana, kope lili chotseka. Musaloweze mawu. Lowezani mfundo zitatu: njira yaitali, thothola tsamba, chotsala ndi mtengo.

Nachisale_21
Zikomo agogo. Ndiye kuti indakishoni iliyonse ya magalafu ndizichotsa osati kuwonjezera?

AgogoAMasamu
Eya. Yambani ndi chachikulu, chotsanipo kanthu, kenako onetsetsani kuti chotsalacho chikukwaniritsabe zonse zomwe thiyoremu ikufuna. Chiganizo chomalizachi ndi chomwe ochonga amachisaka ndi cholembera chofiira.

Tsabola_Wakale
Pa Lachiwiri la madigiri paja musatayepo nthawi. Lamulo ndi limodzi: madigiri onse ukawaphatikiza amapereka kawiri chiwerengero cha mizere. Akakupatsa mndandanda wa madigiri nkufunsa ngati galafu yotero ilipo, phatikiza, yankho likagawika ndi 2 ndiye ilipo. Mphindi khumi zakwana.

Chipsera
Yesani 4, 4, 3, 2, 1.

Tsabola_Wakale
Zikupereka 14, mizere 7. Ilipo.

Chipsera
Ijambuleni tione. Madontho ndi asanu. Awiri a digiri 4 aja aliyense akhudza ena onse, ndiye palibe dontho lingakhale ndi digiri yochepera 2. La digiri 1 lija lichokera kuti? Kugawika ndi 2 kumangothandiza kukana msanga, sikutsimikiza kuti galafu ilipo. Pa galafu yopanda mizere yobwereza mufunika Havel–Hakimi: chotsani 4 woyamba, chepetsani anayi otsatirawo ndi 1, mupeza 3, 2, 1, 0. Chotsani 3, chepetsani atatu otsalawo, mupeza 1, 0, −1. Mwagunda nambala yotsika pansi pa ziro, galafu palibe.

Tsabola_Wakale
Chabwino, mphindi makumi atatu.

ChokoChoyera
Zomwe zawagwera a Tsabolazi zikhale tsamba lakelake m'kakope kaja. Thiyoremu iliyonse mukailemba, pambali pake lembani kuti imagwira mbali imodzi kapena zonse ziwiri, ndipo ngati ndi mbali imodzi jambulani galafu yotsutsa mbali inayo. Loweruka la Euler ndi Hamilton ndi pomwe izi zimaluma kwambiri. Ya Euler imagwira uku ndi uku: galafu yolumikizana ili ndi ulendo wodutsa mzere uliwonse kamodzi nkubwerera poyambira ngati madigiri onse agawika ndi 2, ndipo akapanda kutero ulendowo palibe. Milatho 7 ya ku Königsberg yomwe Euler adalemba za iyo mu 1736 imapereka madigiri 5, 3, 3, 3, onse osagawika ndi 2, ndiye ngakhale ulendo wosabwerera poyambira sungatheke, chifukwa umenewo umalola madontho otero awiri okha. Ya Dirac ya 1952 ndi ya mbali imodzi. Imati madontho akakhala atatu kapena kuposa, ndipo lililonse lili ndi digiri yosachepera n/2, mkombero wa Hamilton, wodutsa dontho lililonse kamodzi, ulipo. Ikalephera sinanene kanthu. Mkombero wa madontho 10 uli ndi digiri 2 ponseponse, kutali ndi 5, koma iwo wokha ndi mkombero wa Hamilton kale. Wolemba kuti "Dirac walephera, choncho palibe" walemba ziro ndi dzanja lake.

Nachisale_21
Nanga akafunsa kuti sonyeza kuti mkombero wa Hamilton palibe, ndigwire chiyani?

ChokoChoyera
Chida chomwe chimagwira kawirikawiri pa mayeso ndi ichi: chotsani madontho k, muwerenge zidutswa zotsala. Zikaposa k, mkombero palibe, chifukwa mkombero ukaudula malo k sungapereke zidutswa zoposa k. Sichigwira paliponse, galafu ya Petersen imachizemba, koma yambani ndi chimenechi.

Mlamba_77
Tisanapitirire, maola atatu amenewa mukuwayika nthawi yanji? Magetsi akamathima madzulo dongosolo lonseli ligwa.

NyaliYaSola
Kosi imeneyi ndiye yosadandaulitsa. Pepala, pensulo, chofufutira, kuwala kwa dzuwa. Manotsi ngati ali pafoni sindikizani masamba ofunika okha, chifukwa foni yomweyo ndi yomwe imaba maola.

KambaWaMdambo
Bola khofi asapitirire makapu awiri. Ndaonapo anthu akunjenjemera manja mpaka kulephera kujambula mzere wowongoka.

Chipsera
Amwene mukadali pa rula pomwe paja? Kuno mzere ngakhale ukhote ngati njira ya mbewa palibe achotse malikisi.

Nachisale_21
Nthawi ndapeza, 5 koloko mpaka 8 mmawa. Tibwerere ku Dijkstra, chifukwa yankho ndimalipeza ndi maso koma sindidziwa choti ndilembe.

FundiWaMakodi
Kupeza ndi maso ndiye msampha wake. Galafu ya pa mayeso imakhala yaing'ono moti njira yaifupi imaoneka, koma malikisi ali pa tebulo losonyeza dontho lomwe latsekedwa pa sitepe iliyonse ndi manambala omwe asintha. Tengani iyi, mizere yopanda mivi:

```
S-A 4   S-B 1   B-A 2   A-C 1
B-C 5   C-T 3   A-T 6
```

Tebulo lake kuchokera pa S:

```
tseka   A      B      C      T
S(0)    4,S    1,S    -      -
B(1)    3,B           6,B    -
A(3)                  4,A    9,A
C(4)                         7,C
T(7)
```

Onani kuti A adayamba ndi 4 nkutsika kufika 3 titatseka B, C adayamba ndi 6 nkutsika kufika 4, T adayamba ndi 9 nkutsika kufika 7. Chilembo chili pambali pa nambala ndi dontho lomwe tachokera, ndipo chimasintha limodzi ndi nambalayo. Pamapeto mumayenda chobwerera: T adachokera kwa C, C kwa A, A kwa B, B kwa S. Njira ndi S, B, A, C, T, kutalika 7.

Anthu amagwa pawiri. Koyamba, amatseka dontho lomwe lili pafupi ndi lomwe angotseka kumene, mmalo moyang'ana nambala yaing'ono pa madontho onse osatsekedwa. Kachiwiri, amasintha nambala nkuiwala kusintha chilembo, ndiye kutalika kumakhala kolondola koma njira yolembedwa nkukhala ina. Kudziyesa kwake nkosavuta: phatikizani mizere ya njira yomwe mwalemba, 1 + 2 + 1 + 3, muone ngati ikupereka 7 yemweyo. Lolemba limenelo chitani magalafu anayi, lomaliza ndi wotchi. La madontho 7 kapena 8 lisapitirire mphindi 12.

Tsabola_Wakale
Ndayendetsa Kruskal pa galafu yomweyi. Ndatenga S-B, A-C, B-A, C-T, zonse pamodzi 7. Ndi mizere yomweyo ya Dijkstra. Ndiye Lolemba ndi Lachiwiri ziphatikizidwe, ndi chinthu chimodzi.

FundiWaMakodi
Kruskal mwayendetsa bwino, koma zangochitika mwangozi pa galafu imeneyi. Jambulani madontho atatu: X-Y 2, Y-Z 2, X-Z 3. Kruskal atenga X-Y ndi Y-Z, mtengo wolemera 4, ndipo mu mtengowo kuchoka pa X kufika pa Z ndi 4. Dijkstra kuchokera pa X apita pa Z molunjika ndi 3. Wina akufuna waya wochepa wolumikiza nyumba zonse, winayo akufuna ulendo waufupi kuchokera pakhomo limodzi. Chomwe chimasokoneza kwambiri ndi Prim, chifukwa tebulo lake limafanana ndi la Dijkstra. Kusiyana kuli pa nambala yomwe mukulemba: kwa Prim ndi kulemera kwa mzere umodzi wokha, kwa Dijkstra ndi ulendo wonse kuchokera poyambira. Nchifukwa chake ndi bwino kuzichita masiku otsatizana pa galafu imodzi, kuti dzanja lizolowere kusiyanako.

Chinanso chomwe amakonda kufunsa ndi chifukwa chomwe Dijkstra amakanira manambala otsika pansi pa ziro. Khalani ndi chitsanzo chokonzeratu, cha mivi: S→A 2, S→B 3, B→A −2. Dijkstra atseka A pa 2, chifukwa 2 ndi wochepa kuposa 3, ndipo chomwe watseka sabwereranso. Koma kudzera kwa B ndi 3 − 2, yomwe ndi 1. Mizere itatu yokha, malikisi mwatola.

Mlamba_77
A Choko, ndawerenganso dongosolo lanu. Zamafulo mwazisiya kuti? Palibe tsiku lake.

ChokoChoyera
Ndazisiya dala. Akusankha 4 mwa 6. Maola 54 sangakwane mitu yonse mozama, ndipo kudziwa mitu isanu ndi iwiri bwinobwino kumaposa kununkhiza yonse. Mutu wa mafulo uli kumapeto, palibe mutu wina pa mndandanda wawo womwe ukuudalira.

FundiWaMakodi
Apa ndiye ndikukanani akulu. Achemwaliwa aonetsa kale kuti maaligorizimu amawayendera, mapulufu ndi omwe akuwavuta. Mukuwalanda funso lomwe angatolepo malikisi ndi dzanja nkuwasiyira Hall, yemwe pulufu yake ndi indakishoni ya magawo awiri. Ford–Fulkerson, aligorizimu ya mafulo ija, ndi tsiku limodzi. Chovuta chake ndi chimodzi, kuiwala kuti madzi omwe watumiza kale ungawabweze. Tengani S→A, S→B, A→B, A→T, B→T, paipi iliyonse yonyamula 1. Mukayamba ndi S, A, B, T mwatumiza 1 ndipo zikuoneka ngati njira zatha. Koma mutha kuchoka pa S kupita pa B, kubwerera chambuyo pa A→B kufika pa A, kenako pa T. Zonse pamodzi 2. Ndipo yankho limadzichitira umboni lokha: mapaipi awiri otuluka pa S akunyamula 2, simungapose pamenepo.

ChokoChoyera
Mfundo yanu ndaimva. Koma Hall samabwera ngati pulufu nthawi zonse. Kawirikawiri amakupatsa anthu ndi ntchito nkuti peza kagulu komwe kakuphwanya lamulo, monga anthu atatu omwe onse akungodziwa ntchito ziwiri zomwezo. Zimenezo ndi mphindi zisanu.

AgogoAMasamu
Nonse mukuyankhula ngati funso lililonse ndi mutu umodzi. Ofunsa ambiri amasakaniza, gawo loyamba Hall, lachiwiri mafulo, chifukwa ziwirizi ndi pachibale. Tebulo la a Mlamba lija ndi lomwe liweruze, ndipo lilembedwe potsata magawo a mafunso, osati mafunso athunthu.

NyaliYaSola
Ine ndikufuna ndiikepo mawu pa Lachitatu ndi Lachinayi la sabata yachiwiri, chifukwa masiku awiriwo akhoza kuthera kujambulajambula osapindula kanthu. Tsiku loyamba likhale la fomula ya Euler, `v − e + f = 2`, momwe v ndi madontho, e mizere, f zipinda zomwe mizereyo yazungulira, ndi ana ake. Kumbukirani zinthu ziwiri zomwe zimaiwalika: galafu ikhale yolumikizana, ndipo bwalo lakunja nalonso ndi chipinda, liwerengedwe. Kuchokera apo mumapeza `e ≤ 3v − 6`, chifukwa chipinda chilichonse chazunguliridwa ndi mizere yosachepera itatu pomwe mzere uliwonse ukuwerengedwa kawiri. K5, momwe dontho lililonse lalumikizana ndi ena onse, ili ndi madontho 5 ndi mizere 10, malire ndi 9, yagwidwa.

Tsopano K3,3, madontho atatu mbali iyi, lililonse lolumikizana ndi atatu onse a mbali inayo. Madontho 6, mizere 9, malire ndi 12. Yadutsa. Apa ndi pomwe ena amalemba kuti ndiye imajambulika popanda kupingasa, kulakwa kuja kwa mbali imodzi kwabweranso. K3,3 ilibe mkombero wa mizere itatu, ndiye chipinda chilichonse chikufuna mizere inayi, malire nkukhala `e ≤ 2v − 4`, yomwe ndi 8. Mizere 9 yaposa, yagwidwa.

Musaloweze mafomula awiriwa padera. Lowezani kapezedwe kake, chifukwa akakubweretserani Petersen onse awiri sagwira: madontho 10, mizere 15, malire oyamba 24, achiwiri 16. Koma mkombero waufupi mu Petersen ndi wa mizere 5, choncho `5f ≤ 2e`, kutanthauza kuti zipinda sizingapose 6. Fomula ya Euler ikufuna zipinda 2 − 10 + 15, zomwe ndi 7. Zasemphana, ndiye siijambulika. Wodziwa kapezedwe amalemba zimenezi m'mizere inayi.

Tsiku lachiwiri ndi la Kuratowski, thiyoremu ya 1930 ija yoti galafu imalephera kujambulika popanda kupingasana pokhapokha ngati K5 kapena K3,3 yabisala m'kati mwake. Pulufu yake siifunsidwa kawirikawiri pa kosi yoyamba, onani manotsi anu, koma kuigwiritsa ntchito kumafunsidwa. Kuti mupeze K5 yobisala mufunika madontho asanu a digiri 4 kapena kuposa. Ngati palibe, monga mu Petersen momwe onse ndi a digiri 3, musataye nthawi, sakani K3,3.

Tsabola_Wakale
Ndipo pa kupaka mitundu mwapepukidwa, galafu yosapingasa imakwana ndi mitundu inayi, Appel ndi Haken adatsimikiza mu 1976. Mungolemba 4.

NyaliYaSola
Inayi ndi denga, si yankho. Mtengo uliwonse wa madontho awiri kapena kuposa umakwana ndi iwiri. Funso likati peza chiwerengero chochepetsetsa cha mitundu, ntchito ndi ziwiri: pakani ndi mitundu k kuti muonetse kuti ikukwana, kenako perekani chifukwa chomwe k − 1 singakwanire, monga mkombero wa mizere yosagawika ndi 2 womwe umakakamiza itatu. Ambiri amachita yoyamba yokha nkutaya theka la malikisi. Pulufu yomwe ingabwere ndi ya mitundu isanu ndi umodzi kapena isanu, ndipo yonse imayambira pa `e ≤ 3v − 6`, yomwe imapereka dontho la digiri yosaposa 5 loti mulichotse. Kuchotsa komwe kuja agogo anena.

Mlamba_77
Za sabata yachitatu: mphindi 180 pa malikisi 100. Chotsani 10 zowerenga pepala ndi kusankha, 10 zowunikanso kumapeto, zatsala 160, funso lililonse mphindi 40. Ikakwana 40 siyani mpata pa pepala nkupita kwina, ngakhale pulufu ili pakati. Malikisi oyamba a funso latsopano, matanthauzo aja, ndi otsika mtengo kuposa omaliza a funso lomwe lakukanikani. Ndipo Loweruka lomaliza musagwire funso latsopano, muwerenge kakope ka zolakwa kaja ndi kujambula pamtima K5, K3,3, Petersen ndi zitsanzo zotsutsa zija.

ChokoChoyera
Podzichonga muzikhala ankhanza. Pulufu yomwe mwalemba kuti "nzoonekeratu" pamalo pomwe manotsi ali ndi mizere itatu, dzichotsereni malikisi. Ngati nkotheka sinthanani mapepala ndi mnzanu adaona kubooka uja.

Nachisale_21
Tebulo ndalemba potsata magawo monga agogo ananenera. Mitengo ndi zosapingasana zili m'mapepala onse asanu. Mafulo ali m'mapepala atatu, ndipo kawiri ali funso limodzi ndi Hall. Kufanana kwa magalafu kwangobwera kamodzi, malikisi 6. Ndikuganiza zophatikiza madigiri ndi kufanana Lachiwiri, zonse zisunthire kutsogolo ndi tsiku limodzi, kuti Hall akhale Lachisanu la sabata yachiwiri, mafulo Loweruka.

FundiWaMakodi
Ndi zimenezo.

ChokoChoyera
Ine ndikuonabe kuti mwapanikiza sabata yoyamba, ndipo kulumikizana mwakusiya opanda tsiku, pomwe pulufu ya mitengo ikukudalira. Ngati mwatsimikiza, kuikeni m'ola loyamba la tsiku loyamba la mitengo. Mukafika Loweruka loyamba pulufu ya tsamba ija isanatuluke pamtima, mafulo achoke, tsikulo libwerere ku mitengo.

Nachisale_21
Ndamva. Loweruka ndidzaijambula ndi foni ndiiponye pano, a Chipsera adzaisake pobooka.

Chipsera
Mudzalembe ndi bolopeni, pensulo siioneka bwino pa chithunzi.